Khungu la chinthu: kulongosola chitsulo, pulasitiki, chikopa ndi thabwa kwa makina ojambula

Nkhani ya masana ano ndaipanikiza dala. Sitikamba zonse zimene makina ojambula amatha kuchita. Tikamba mbali imodzi yokha imene imagwetsa zithunzi zambiri za katundu, ndiyo khungu la chinthucho: pamwamba pake, pamene chala chimakhudza ndi pamene kuwala kumagwera.

Mapulogalamu monga Midjourney, DALL-E ndi Stable Diffusion, amene anafika m'manja mwa anthu ambiri mu 2022, amalandira mawu n'kutulutsa chithunzi. Mawu amenewa ambiri amawatcha pulomputi, koma ine ndiziti malangizo. Amene munayesako mukudziwa kuti makinawa savutika kupeza thupi la chinthu. Botolo limatuluka botolo, nsapato imatuluka nsapato. Komabe wogula akayang'ana amangoti, "Ichi si chenicheni," ngakhale sangathe kuloza pamene palakwika. Mukafufuza mudzapeza kuti chitsulo chatuluka ngati pulasitiki wopaka utoto wasiliva, chikopa chatuluka chosalala mopitirira, ndipo thabwa likuoneka ngati pepala lomatidwa pamwamba.

Mfundo yanga ndi iyi. Munthu woyang'ana chithunzi sangakhudze kanthu. Amadziwa kuti ichi n'chokhakhala, ichi n'choterera, ichi n'chozizira, poona zimene pamwambapo pakuchita ndi kuwala. Choncho mukalemba dzina la chinthu lokha, mwangouza makina banja lake. Simunawauze mmene mmisiri anachimalizira, kumene mizere yake yaloza, kukula kwa mizereyo, ndi nyali imene ikuchiunikira. Zinayi zimenezi ndi zimene diso limawerenga, ndipo ndi zimene tiyenera kulemba.

Tiyeni tigwire chitsanzo chimodzi mpaka kumapeto. Tiyerekeze kuti tikukonza chithunzi cha wailesi yaing'ono ya patebulo, masentimita 20 m'lifupi. Kumaso kwake ndi aluminiyamu, m'mbali ndi matabwa, ili ndi batani limodzi lopotokola la pulasitiki wakuda, ndipo pamwamba pali lamba wachikopa wonyamulira. Mapulogalamu ambiriwa anaphunzira pa zithunzi zofotokozedwa m'Chingelezi, choncho malangizo tiwalemba m'Chingelezi monga amalembedwera pa kompyuta. Woyamba kumene amalemba motere:

```
product photo of a small radio, metal front, wooden sides,
plastic knob, leather strap, high quality, realistic
```

Wailesi idzatulukadi, koma zinthu zinayi zonse zidzanyezimira mofanana, ngati zapakidwa vanishi mmodzi. Chifukwa chake n'chosavuta kumva. Makina anaphunzira pa zithunzi mamiliyoni ambirimbiri, chilichonse chili ndi mawu ochifotokoza. Pansi pa mawu akuti `metal` panali chitsulo chowala ngati galasi, malata adzimbiri, zitseko zopaka penti, sipuni ndi njanji. Mukapereka mawu amenewa okha, makina amasankha chapakati pa zonsezi, ndipo chapakati sichifanana ndi chitsulo chilichonse chimene munagwirapo. Mawu awiri akumapetowo, `high quality` ndi `realistic`, sanenapo kanthu za khungu. Angodya malo.

Tiyambe ndi chitsulo, ndipo apa ndichedwapo chifukwa ndi pamene pali phunziro lalikulu. Chitsulo chopanda utoto chilibe kuwala kofalikira kochokera mkati monga pepala kapena khoma. Chimene mumaona pa icho ndi zinthu zochizungulira zimene chikubweza. Chikakhala chosalala kotheratu mumadziona nkhope. Mmisiri akachikwecha ndi sandipepa kapena bulashi yawaya molunjika mbali imodzi, amasiya tingalande tating'ono zikwizikwi togona mondondozana. Kangalande kalikonse kali ndi mbali zopendekera, ndipo mbali zimenezi zimamwaza kuwala mopingasa tingalandeto, osati motsatira kutalika kwake. Zotsatira zake n'zakuti mizere ikagona chopingasa, kuchokera kumanzere kupita kumanja, kuwala kwa nyali kumatambasuka choimirira, kuchokera pamwamba kupita pansi. Ichi ndicho chizindikiro chenicheni cha chitsulo chokwecha. Mizere yeniyeniyo nthawi zambiri sioneka mukaima patali. Chimene chimaoneka ndi mpita wa kuwala wotambasukawo, wopanda malire akuthwa, umene umasuntha mukasuntha mutu.

Mukafika kunyumba tembenuzani poto watsopano wa chitsulo chosachita dzimbiri, muyang'ane kunsi kwake pansi pa babu. Anakwecha mozungulira, choncho mizere yake ndi mabwalo. Kuwala sikutsatira mabwalowo ayi. Kumapanga mipita iwiri yooneka ngati mphanda za keke, yoyambira pakati n'kumakula kupita m'mphepete, ndipo mukapendeketsa potoyo mipitayo imazungulira. Lamulo ndi lomwe lija: kuwala kumadula mizere mopingasa.

Kwa wailesi yathu ndiye kuti pali zonena zitatu. Chitsulo chanji, anachikwecha motani ndipo kuloza kuti, nanga kuwala kukuchita chiyani pamenepo.

```
brushed aluminium faceplate, fine horizontal hairline grain,
soft vertical highlight band, no mirror reflections
```

Onani kuti ndalemba `aluminium`, osati `metal`. Aluminiyamu ndi wotuwa moyererako, chitsulo chosachita dzimbiri n'choderako pang'ono, ndipo bulasi ndi kopa zimapaka mtundu wake pa kuwala kumene zikubweza, china chachikasu, china chofiirira. Mawu akuti `fine` ndi `hairline` akunena kukula kwa mizere. Mukawasiya, makina amakonda kujambula mizere ikuluikulu yooneka ngati chitsulocho chakandidwa ndi msomali, chifukwa akufuna kuti mizereyo ioneke. Komanso musasokoneze chokwecha ndi chija chopemereredwa timikanda pamphamvu, chimene pa kompyuta timalemba kuti `bead-blasted`. Icho sichinyezimira, koma chilibe mizere yoloza kulikonse, ndipo kuwala kwake kumafalikira mofanana mbali zonse, monga mumaonera pa matupi a malaputopu ambiri a aluminiyamu.

Mudziwa bwanji kuti chitsulo chalakwika? Kulitsani chithunzi muyang'ane zinthu zitatu. Mizere ikasintha kolowera pakati pa mbale imodzi, ndi bodza, chifukwa lamba wa makina okwechera sakhota. Mizere ikakhalapo koma kuwala kuli kadontho kozungulira, diso la wogula liwerenga pulasitiki. Ndipo mizere ikapitirira m'mphepete n'kukwera pa thabwa kapena pa batani, mawu anu adonthera pa chinthu china, vuto limene ndibwererenso patsogolo.

Mwina wina wa inu amene amagwira ntchito ndi mafakitale afunsa kuti bwanji osangolemba dzina la kumalizako. Zoona, chitsulo chokwecha cha m'makhitchini a mahotela amachitcha `No. 4`, ndipo opanga pulasitiki ali ndi miyezo yawo ya kukhakhala kwa chikombole monga `VDI 3400`. Kwa mmisiri mayina amenewa ndi omveka kotheratu. Koma makina anaphunzira pa mawu amene anthu wamba ndi amalonda analemba pansi pa zithunzi, ndipo manambala otere anali osowa mmenemo. Kawirikawiri sasintha kanthu, ndipo nthawi zina makina amangolemba nambalayo pa katunduyo ngati chizindikiro. Sungani manambalawo kuti mukapereke ku fakitale. Kwa makina ojambula lembani zimene diso limaona.

Tsopano batani la pulasitiki. Pulasitiki, galasi ndi vanishi zimachita mosiyana ndi chitsulo. Mukaziyang'ana molunjika zimabweza pafupifupi magawo 4 okha pa 100 alionse a kuwala kumene kwagwera pamwamba pake, ndipo kuwala kobwezedwako sikutenga mtundu wa chinthucho. N'chifukwa chake kapu yofiira ya pulasitiki imakhala ndi kadontho kowala koyera, pamene kapu yakopa kuwala kwake n'kofiirira. Pulasitiki wosanyezimira amabwezabe kuwala kumeneku, kungoti chikombole chimene anamuumbiramo chinali chokhakhala pang'ono, ndiye kuwalako kwamwazikana n'kukhala chigamba chachikulu chofewa. Palinso china chimene ambiri amaiwala: kuwala kukadutsa mopendekera kwambiri, chinthu chilichonse chimabweza kochuluka. Choncho batani lakuda losanyezimira limakhala ndi kampita kotuwa m'mphepete mwake. Kampita kameneka kakasowa, batani limaoneka ngati bowo lakuda lodulidwa pa chithunzi.

Msampha waukulu apa ndi mawu okana. Munthu amalemba `not shiny` poganiza kuti wamveka. Mapulogalamu ambiri, makamaka akalewo, samva bwino kukana. Amaona mawu akuti `shiny` n'kuwonjezera kunyezimira kumene mumakuthawa. Nenani chimene mukufuna, ndipo chimene simukufuna muchiike pamalo pake. Stable Diffusion ili ndi bokosi lapadera la `negative prompt`, ndipo Midjourney ili ndi lamulo la `--no`. Izi zikukhudzanso mawu aja ndinalemba kumapeto kwa malangizo a chitsulo, akuti `no mirror reflections`. Mapulogalamu atsopano amene amawerenga ziganizo zonse amawamva, koma pa akale ndi bwino kuwachotsa n'kuika `mirror reflections` m'bokosi la zokanidwa. Batani lathu tilemba motere:

```
matte black ABS knob, fine sand-like micro texture,
broad soft sheen, faint grey rim light
```

Pulasitiki wosanyezimira alipo wa mitundu iwiri imene muyenera kusiyanitsa. Wina ndi wouma, wokhakhala ngati mchenga wosalala, monga limoti ya kanema. Wina ndi wokutidwa ndi kautoto kofewa komveka ngati labala, kamene timalemba kuti `soft-touch`, ndipo ameneyu amameza kuwala kwambiri komanso amasunga zidindo za zala. Mukangoti `matte` osasankha, makina nthawi zina amakupatsani chinthu chooneka ngati choumbidwa ndi dongo kapena choko.

Chikopa ndi chinthu chimene anthu amachidziwa ndi manja kuposa ndi mawu, choncho malangizo ake amatuluka osauka. Komatu mitundu yake ndi yotalikirana kwambiri. Pali chikopa chimene khungu lake lakunja sanalikhudze, chokhala ndi timabowo ta ubweya, makwinya ndi zipsera za nyamayo, chimene amalonda amachilemba kuti `full-grain`. Pali chimene anachipala n'kudindapo timiyala tofananafanana ndi mbale yotentha, `pebbled`. Pali `nubuck`, chokwechedwa kunja mpaka kumera timaweya tofewa, ndi `suede`, chimene ndi mbali yamkati. Palinso `patent`, chokutidwa mpaka kuwala ngati galasi. Kafufutidwe nakonso kamasintha maonekedwe. Chofufutidwa ndi makungwa a mitengo chimakhala cholimba, chofiirira motuwa chikadali chatsopano, ndipo chimadera ndi dzuwa ndi mafuta a m'manja. Chofufutidwa ndi mchere wa kuromu chimakhala chofewa ndipo mtundu wake ndi umodzi ponseponse.

Pa lamba wopapatiza ngati wa wailesi yathu, khungu lenileni limaoneka pang'ono. Zimene zimauza diso kuti ichi n'chikopa zili m'mphepete ndi popindika. Tengani lamba wabwino wa m'chiuno mumuyang'anitsitse. M'mphepete mwake muli kuchindikala kwa mamilimita atatu kapena anayi, ndipo mmisiri anapukuta mpaka kuderako ndi kusalala. Pamene amapindika pa chomangira pali timakwinya topingasa, ndipo ngati chikopacho n'chamafuta, mtundu umayererako popindikapo chifukwa mafuta athawira pambali. Ulusi wa msoko wamira pang'ono m'chikopa, ndipo bowo lililonse lili ndi kamthunzi kake. Zimenezi ndizo zolemba:

```
tan vegetable-tanned leather strap, natural pores, burnished
dark edges, light creases at the bend, cream waxed stitching
```

Poyang'ana zotuluka, yambani ndi msoko. Makina amalakwitsa kwambiri pa zinthu zobwerezabwereza. Mudzaona ulusi wina wautali, wina waufupi, msoko wosowa pakati n'kutulukiranso kutsogolo, kapena wodutsa pamwamba pa chitsulo chomangira. Kenako yang'anani timiyala ta khungu. Pa chikopa chenicheni timasiyana kukula, timatambasuka popindika. Tikakhala tofanana ndendende ndiponso tikuluikulu poyerekeza ndi lamba, wogula aona chikopa chabodza.

Thabwa ndilo lotikhudza kwambiri ife kuno. Makina amadziwa bwino mitengo ya kumayiko ozizira chifukwa zithunzi zake zinali zambiri pophunzira. Mukalemba `oak` kapena `walnut` mulandira chinthu chofanana nayo. Koma kalipentala wathu akamanga wailesiyi ndi mlombwa kapena mbawa, mayina amenewa makina sawadziwa bwino. Mutha kuyesa mayina amene mitengoyi imagulitsidwira kunja: mlombwa ndi `kiaat` kapena `mukwa`, ndipo mbawa ili m'gulu la `African mahogany`. Lachiwirili limagwira bwino, loyambalo mwa apo ndi apo. Njira yodalirika ndi kulongosola zimene mukuona. Mtima wa mlombwa ndi wofiirira ngati uchi mpaka kuderako, uli ndi mizere yakuda yoyenda mokhotakhota, ndipo kunja kwake kuli mbali yoyera imene imasiyana nawo moonekeratu. Mbawa ndi yofiira motuwa ikangochekedwa, imadera ndi nthawi, ndipo ulusi wake ndi wolukana, kotero kuti ikachekedwa molunjika pakati pa mtengo imaonetsa mipita yowala ndi yodera yosinthana, imene imasuntha mukatembenuza thabwa.

Kupatula mtundu wa mtengo, pali zina zitatu zoti munene. Choyamba ndi kachekedwe. Thabwa lochekedwa chafulati limaonetsa mizere yooneka ngati mapiri osongoka olowana, pamene lochekedwa molunjika pakati limaonetsa mizere yowongoka yoyandikana. Chachiwiri ndi timabowo. Mlombwa ndi mbawa zili ndi timabowo tooneka ndi maso, tizidutswa tatifupi takuda totsatira ulusi wa thabwa. Chachitatu ndi chopaka. Mafuta amalowa mkati, timabowo timakhalabe totseguka, ndipo kuwala kumakhala kofewa. Vanishi wochindikala amakhala pamwamba, amatseka timabowo, ndipo zimene mukuona zikunyezimira si thabwanso koma vanishiyo. Mukapanda kunena, makina amakonda vanishi.

```
solid golden-brown hardwood side panels, darker wavy streaks,
vertical grain, open pores, oil finish, end grain on top edge
```

Mawu otsirizawo, `end grain on top edge`, ndi amene amasiyanitsa thabwa lenileni ndi pepala lomata. Ulusi wa thabwa ukaimirira, pamwamba pake payenera kuoneka kumutu kwa thabwa: timadontho ndi timizere topindika, toderako chifukwa pamamwa mafuta ambiri. Makina kawirikawiri amangokulunga mizere ya kumaso n'kuipinda pa ngodya ngati nsalu. Kalipentala aliyense aziona zimenezi nthawi yomweyo, ndipo wogula, ngakhale sadziwa ukalipentala, amamva kuti pali chosalongosoka.

Tafotokoza zinthu zinayi, koma zonse n'zachabe ngati nyali sitinainene. Apa pali kukokanakokana kumene wojambula aliyense wa mu situdiyo amakudziwa. Chitsulo chimafuna nyali yaikulu yofewa imene chingabweze, apo ayi chimaoneka chakuda kapena chotuwa chopanda moyo. Chikopa ndi thabwa zimafuna kuwala kochokera chammbali, kodutsa motsetsereka pamwamba pake, kuti kabowo kalikonse ndi kakwinya kalikonse kaponye mthunzi. Kuwala kochokera kumene kuli kamera kumapha zonse, chifukwa mithunzi imabisala kuseri. Choncho tipempha nyali ziwiri ndi ntchito zake: yaikulu yofewa chakumanzere kutsogolo kuti ipange mpita pa aluminiyamu, ndi ina yotsika chakumanja kumbuyo kuti ikwapule thabwa ndi lamba.

```
large softbox front left, low raking light from rear right,
plain mid-grey background, three-quarter view
```

Kumbuyo ndasankha kotuwa dala. Pa zoyera kwambiri aluminiyamu amasungunukira m'chithunzi, ndipo pa zakuda batani limasowa.

Tsopano tibwerere ku vuto lija la kudontha. Mukaphatikiza zonsezi m'malangizo amodzi, mudzaona nthawi zina batani lili ndi mizere ya chitsulo, thabwa lili ndi msoko, kapena wailesi yonse yasanduka yakuda chifukwa mawu akuti `black` afalikira. Makina samangirira mawu ofotokoza pa dzina lake mwamphamvu monga ife timachitira. Thandizo loyamba ndi kuika chofotokoza chilichonse moyandikana ndi mwini wake, mbali imodzi kumaliza musanayambe ina, monga ndachitira. Lachiwiri ndi kusagwiritsa mawu amodzi pa zinthu ziwiri. Onani kuti `grain` amanenedwa pa chitsulo, pa chikopa ndi pa thabwa. Mukawalemba katatu mwaitana chisokonezo. Asiyireni thabwa, pa chitsulo mulembe `hairlines`, pa chikopa `pores`.

Palinso malire a kutalika. Stable Diffusion yoyamba inkawerenga mawu kudzera mu CLIP, imene OpenAI inatulutsa mu 2021, ndipo CLIP imalandira matokeni 77 okha nthawi imodzi. Tokeni ndi liwu lathunthu kapena chidutswa chake, ndipo makoma nawonso amawerengedwa. Zidutswa zisanu zimene talemba pamwambapa zikaphatikizidwa zimapitirira malire amenewa. Mapulogalamu ena amangodula zotsalira mwakachetechete, ndipo ngati nyali munaiika kumapeto, ndi imene yadulidwa. Mapulogalamu atsopano amawerenga zambiri kuposa apa, komabe mawu akachuluka lililonse limachepa mphamvu. Ndiye tiyenera kusankha, ndipo ine ndimasunga pa chinthu chilichonse mawu amene akunena za kuwala kapena m'mphepete, n'kutaya okongoletsa:

```
small radio, three-quarter view, raking light, large softbox.
Brushed aluminium front, horizontal hairlines, vertical highlight.
Oiled brown hardwood sides, open grain. Matte black plastic knob.
Tan leather strap, burnished edges, cream stitching.
```

Chomaliza pa zaukatswiri ndi kukula kwa chinthu m'chithunzi, ndipo apa tichite masamu pang'ono. Stable Diffusion yoyamba inkatulutsa zithunzi za mapikiseli 512 mbali iliyonse, koma ntchito yeniyeni inkachitikira pa chithunzi chopanikizidwa ka 8, cha timabokosi 64 mbali iliyonse. Wailesi yathu ya masentimita 20 ikatenga mapikiseli 400, pikiseli imodzi ndi theka la milimita, ndipo kabokosi kamodzi ndi mamilimita 4. Ulusi umodzi wa msoko ndi wotalika pafupifupi chomwecho. Timabowo ta chikopa ndi mizere ya chitsulo n'zazing'ono kwambiri kuposa pikiseli. Ndiye makina sangajambule mzere uliwonse. Angathe kupereka chithunzithunzi chabe cha kuti pano pali mizere. Mukawakakamiza, mwachitsanzo pokweza mphamvu ya mawu ndi `(hairlines:1.5)` monga mapulogalamu ena amalolera, amakulitsa mizereyo mpaka ioneke, ndipo wailesi imaoneka ngati kachidole. Pa chithunzi cha mapikiseli 1024 zinthu zimapepukako ndi theka, koma vuto silitha.

Yankho lake ndi la wojambula, osati la mawu: zithunzi ziwiri. Pa chithunzi cha wailesi yonse, lembani za kuwala, mpita wa pa aluminiyamu ndi kunyezimira kofewa kwa thabwa, chifukwa ndi zimene diso limaona patali. Pa chithunzi chapafupi, cholembedwa `macro close-up` cha pa ngodya pamene chitsulo, thabwa ndi lamba zakumana, ndi pamene mulembe za timabowo, mizere ndi ulusi.

Poyesa, musasinthe zambiri nthawi imodzi. Chithunzi chilichonse chimayambira pa nambala yotchedwa `seed`. Mukaisiya kuti izisintha yokha, simudziwa ngati chitsulo chakongola chifukwa cha mawu anu kapena mwamwayi. Ikhomereni pa nambala imodzi, musinthe liwu limodzi, muyerekeze. Likaoneka kuti lathandiza, liyeseninso pa manambala ena angapo, chifukwa liwu limene lagwira pa nambala imodzi yokha silinatsimikizike. Ndipo chinthu chimodzi chikalakwika, tinene msoko, musayambirenso chithunzi chonse. Zungulizani pamene palakwika n'kulamula kuti pajambulidwenso pokhapo, njira yotchedwa `inpainting`, ndipo mulembe malangizo a chikopa okha. Popeza chitsulo ndi pulasitiki sizikutchulidwa, palibe chodonthera.

Pali malire amodzi amene ndikupempha kuti muwasamale. Zonse takambazi n'zabwino pamene katundu sanapangidwe: mukufuna kuonetsa kasitomala kusiyana kwa aluminiyamu wokwecha ndi wopemerera, kapena mlombwa wamafuta ndi wavanishi, asanalipire mmisiri. Koma katundu akakhala kuti alipo kale pa shelefu, mawu sangabweze thabwa lenilenilo ndi mizere yake, kapena chikopa chenichenicho ndi mtundu wake. Makina apanga chofanana nacho, ndipo kawirikawiri chokongola kuposa. Mukalemba `full-grain` pamene lamba amene mukugulitsa ndi wa chikopa chodinda, mwalonjeza wogula chinthu chimene sadzalandira, ndipo iye adzadziwa akangotsegula katoni. Pamenepo jambulani katunduyo ndi kamera, ngakhale ya foni, pafupi ndi zenera kuti kuwala kubwere chammbali, ndi pepala lalikulu loyera mbali inayo kuti chitsulo chipeze chobweza. Chithunzi chimenecho muchilowetse mu pulogalamu, katunduyo mumuteteze kuti asakhudzidwe, ndipo makina muwapatse ntchito ya kumbuyo kokha: tebulo, khoma ndi mthunzi. Polemba malangizo a kumbuyoko nenani kumene kuwala kukuchokera mogwirizana ndi zenera lija, kuti mthunzi wa pa tebulo ugwere mbali imodzi ndi mithunzi ya pa katunduyo.

Amene mwabwera ndi zithunzi zanu, zibweretseni kuno kutsogolo tizikulitse pa sikirini, tiyambe ndi misoko ndi ngodya za matabwa.